Banki yaikulu yakweza chiwongoladzanja: bwanji ngongole yakwera koma ndalama zosunga zili pomwepo?

Funso: Banki yaikulu itakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 12 kufika pa 14 peresenti, mwezi wotsatira banki yanga inandiuza kuti ngongole yanga yachoka pa 18 kufika pa 20 peresenti. Koma pa akaunti yanga yosungira ndalama ndikulandirabe 4 peresenti yomwe ija. Kodi zimenezi zimayenda bwanji? Nanga akadzatsitsa, ngongole yanga idzatsika msanga chimodzimodzi?

Yankho: Kusiyanako gwero lake ndi limodzi. Chiwongoladzanja cha ngongole yanu chinamangidwa ndi mgwirizano umene munasayina, pamene cha ndalama zosunga chimadikira kuti akuluakulu a banki akhale pansi ndi kuona ngati pali chowakakamiza kuti akweze. Mbali imodzi imayenda yokha, ina imayenda ikakankhidwa. Koma kuti zimenezi zimveke, tiyambe ndi 14 peresentiyo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ndi lamulo louza mabanki mtengo wobwereketsera. Si lamulo ayi. Ndi mtengo wa ndalama pa msika umodzi wokha, msika umene inu ndi ine sitilowamo.

Banki iliyonse ili ndi akaunti ku banki yaikulu. Mukatumiza ndalama kwa munthu wa banki ina, banki yanu imachotsa ndalamazo pa akaunti yake ya ku banki yaikulu n'kupita pa akaunti ya banki inayo. Tsiku lonse ndalama zimayenda choncho, uku zikulowa uku zikutuluka, ndipo pofika madzulo banki ina imapezeka yatsala ndi zambiri, ina yaperewera. Yoperewerayo imabwereka kwa inzake kwa usiku umodzi, n'kubweza m'mawa mwake ndi kachiwongoladzanja pamwamba. Mtengo wa ngongole ya usiku umodzi imeneyi ndi umene banki yaikulu imafuna kuugwira. Polise reti imene mumamva ikulengezedwa ndi mtengo umene banki yaikulu ikufuna kuti mabanki azibwerekana pa msika umenewu, kapena umene iyo mwini imawabwereketsera kwa nthawi yaifupi.

Imaugwira bwanji? M'mayiko ambiri imaika denga ndi pansi. Imauza mabanki kuti aliyense wosowa angabwere kudzabwereka kwa iyo pa mtengo wokwererapo pang'ono, tinene 15 peresenti, bola abweretse chikole. Choncho palibe banki imene ingalole kulipira inzake 17 pamene khomo la 15 lili lotsekula. Imawauzanso kuti amene ali ndi zotsala angazisiye kwa iyo n'kulandira, tinene 13 peresenti. Apanso palibe amene angabwereketse mnzake pa 11 pamene 13 akumupeza popanda chiopsezo chilichonse. Mtengo wa msika umakhala pakati pa ziwirizi. Ukayamba kupendekera mbali imodzi, banki yaikulu imagulitsa kapena kugula makalata a ngongole za boma kuti ichotse kapena kuwonjezera ndalama m'mabanki. Ikakweza polise reti, denga ndi pansi zonse zimakwera limodzi, ndipo pasanathe masiku angapo ndalama za usiku umodzi zadula.

Apa pali chinthu chimene ambiri amaphonya. Banki yanu mwina sinabwerekepo ku banki yaikulu chaka chonsechi, ndipo ndalama zimene inakubwerekani ndi za anthu osunga, zambiri zotsika mtengo. Ndiye chifukwa chiyani mtengo wa usiku umodzi ukhudze inu? Chifukwa banki poika mtengo wa ngongole siyang'ana kwambiri kuti ndalama zakale inazipeza pa mtengo wanji. Imayang'ana zinthu ziwiri: ikafuna ndalama zina lero izipeza pa mtengo wanji, ndipo ndalama zimene ili nazo ikanapanda kubwereketsa inu ikanapeza zingati kwina. Ngati kubwereketsa boma kwa masiku 91 kukupatsa pafupifupi 14 peresenti, popanda kuthamangitsana ndi munthu wosabweza, ndiye 14 ameneyo ndiye poyambira. Inu muyenera kupereka zoposa pamenepo kuti banki ione phindu lokusankhani.

Tsopano tengani mgwirizano wa ngongole yanu. Ndikukhulupirira kuti mukapeza kuti 18 peresenti ija sinalembedwe ngati nambala imodzi. Ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi mtengo woyambira, umene ena amati refarensi reti, ena besi reti, ena praimu reti malinga ndi dziko. Chachiwiri ndi chowonjezera cha inu nokha. Tiyerekeze kuti woyambira unali 13 ndipo chowonjezera chanu ndi 5. Chowonjezeracho chimalipirira mwayi woti mwina simudzabweza, ntchito yoyendetsa ngongole, ndalama zimene banki imalamulidwa kusunga ku banki yaikulu osazibwereketsa, ndi phindu la eni banki. Kawirikawiri chigawo chimenechi chimakhala chomwecho mpaka ngongole itatha. Chimene chimayenda ndi choyambiracho. Chitachoka pa 13 kufika pa 15, ngongole yanu inafika pa 20 popanda munthu aliyense ku banki kuganizapo za inu. Kompyuta inangowerengera.

Mtengo woyambirawo ndi umene muyenera kuudziwa bwino, chifukwa si wofanana paliponse. Pena umatsata polise reti mwachindunji. Pena umawerengedwa kuchokera ku zinthu zingapo, monga mtengo wobwerekana mabanki, mtengo wa makalata a ngongole za boma ndi mtengo wa ndalama zosungitsa, ndipo zikatero kukwera kwa 2 kungafike ngati 1.5 kapena kufika pang'onopang'ono pa miyezi iwiri kapena itatu. Pena banki imadziikira yokha mtengo woyambira, ndipo apa ndi pamene wobwereka amakhala pa mpanipani, chifukwa wokweza ndi wotsitsa ndi yemweyo amene akulandira chiwongoladzanjacho. Kwa inu 2 yense wafika m'mwezi umodzi, kusonyeza kuti woyambira wanu uli pafupi kwambiri ndi polise reti.

Tiwerenge kuti 2 ameneyu akutanthauza chiyani m'thumba. Tingoti munabwereka 1,000,000, ya ndalama za dziko lililonse, yobweza pa miyezi 36. Pa 18 peresenti mumalipira pafupifupi 36,152 pa mwezi. Chiwongoladzanja chikakwera kufika pa 20 ngongole ikungoyamba kumene, malipiro amakhala pafupifupi 37,164. Kusiyana kwake ndi 1,012 pa mwezi, kosafika ndi 3 peresenti ya malipiro anu. Ngati kukwerako kwakupezani mutalipira kale miyezi 12, ngongole yotsala imakhala pafupifupi 724,000, ndipo malipiro a miyezi 24 yotsalayo amakwera ndi pafupifupi 700 basi. Izi zili choncho chifukwa pa ngongole yaifupi gawo lalikulu la malipiro ndi kubweza ndalama zimene munatenga, ndipo gawo limenelo silikhudzidwa.

Ngongole yaitali ndiye nkhani ina. 1,000,000 yomweyo ya zaka 20 pa 18 peresenti malipiro ake ndi pafupifupi 15,433 pa mwezi, ndipo mwezi woyamba 15,000 yense wa pamenepo ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Pa 20 peresenti malipiro amafika pafupifupi 16,988, kukwera kwa 10 peresenti. Mabanki ena safuna kusintha malipiro a pa mwezi, m'malo mwake amatalikitsa nthawi yobwezera. Pa ngongole ya miyezi 36 ija zimenezi zimangowonjezera pafupifupi mwezi umodzi ndi theka. Koma pa ya zaka 20, chiwongoladzanja chokha pa 20 peresenti ndi 16,667 pa mwezi, kuposa 15,433 amene mukulipira. Mutapitiriza kulipira zakalezo, ngongole ikhoza kumakula mwezi ndi mwezi inu mukulipira mokhulupirika. Munthu wa ngongole yaitali akaona kuti malipiro ake sanasinthe pamene chiwongoladzanja chakwera, asasangalale msanga. Ayang'ane ngati ngongole yotsala ikutsikadi.

Mukhoza kudziwerengera nokha ngati banki yakudulani zoyenera. Tengani ngongole yotsala, chulukitsani ndi chiwongoladzanja cha pa chaka, monga 0.18 ngati ndi 18 peresenti, kenako ndi masiku a mweziwo, n'kugawa ndi 365. Pa 724,000 kwa masiku 30, 18 peresenti imapereka pafupifupi 10,711 ndipo 20 peresenti imapereka pafupifupi 11,901. Mukapeza nambala yapakati pa ziwirizi m'mwezi umene zasintha, musadabwe, masiku ena awerengedwa pa mtengo wakale ndipo ena pa watsopano. Mukapeza yoposa pang'ono, funsani ngati banki imagawa ndi 360 m'malo mwa 365, pakuti ena amatero. Ikaposa kwambiri, pali ndalama ina imene yaphatikizidwamo, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti ndi ya chiyani.

Tibwere ku 4 peresenti yanu imene sinasunthe. Pa akaunti yosungira palibe chiganizo chonena kuti chiwongoladzanja chidzatsata mtengo wakutiwakuti. Chimene chimalembedwa kawirikawiri n'chakuti banki ingasinthe nthawi iliyonse. Ndiye funso limene banki imadzifunsa ndi lakuti: tikapanda kukweza, ndi ndalama zingati zimene zichoke? Yankho limasiyana malinga ndi mtundu wa wosunga.

Tiyerekeze banki imene pa ndalama 100 zilizonse zosungitsidwa, 50 zili m'maakaunti olandirira malipiro ndi ochitira malonda amene salandira chiwongoladzanja, 30 zili m'maakaunti osungira pa 4 peresenti, ndipo 20 ndi za fikisidi dipoziti, ndalama zotsekeredwa kwa nthawi yoikika, za makampani ndi mabungwe a penshoni pa 11 peresenti. Mukaphatikiza, banki ikulipira 3.4 pa 100 iliyonse. Polise reti ikakwera ndi 2, a 50 aja sapita kulikonse, chifukwa sanabwerere chiwongoladzanja, anabwerera kulandira ndi kulipira. A 20 aja ali ndi anthu olembedwa ntchito yofananitsa mitengo tsiku ndi tsiku. Fikisidi yawo ikangokhwima, amaimba foni n'kunena kuti boma likupereka zakuti, banki ina ikupereka zakuti, inu mukuti bwanji? Amenewa amalandira 13 mosavuta. A 30 apakatiwa, amene inu muli m'gulu lawo, ambiri sadziwa n'komwe kuti akulandira zingati, ndipo kusamuka banki kumawatopetsa. Banki ikawakomera mtima n'kuwapatsa 4.5, mtengo wonse wa ndalama zosungitsidwa umafika pa 3.95. Wakwera ndi 0.55 yokha, pamene ngongole zoyenda ndi mtengo woyambira zakwera ndi 2 yense. Akatswiri amagawa 0.55 ndi 2 kuti aone gawo la kukwerako limene lafika kwa osunga, ndipo apa ndi kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi. Zotsalazo zakhala phindu la banki, ngakhale kuti pambuyo pake lina limadyedwa ndi ngongole zolephera kubwezedwa, chifukwa chiwongoladzanja chikakwera obwereka ena amagwa.

Kodi n'kuba? Ine sinditero, koma sindinganenenso kuti ndi chilungamo chokhachokha. Ndi mtengo umene munthu amalipira chifukwa chokhala phee. Ndipo si khalidwe la mabanki a dziko limodzi. Ku America banki yaikulu inakweza kuchoka pafupi ndi 0 mu Malichi 2022 kufika pakati pa 5.25 ndi 5.50 peresenti mu Julaye 2023, koma maakaunti osungira wamba a mabanki akuluakulu ambiri anatsalira pansi pa 1 peresenti. Ku Britain, kumene mtengo unachoka pa 0.1 kumapeto kwa 2021 kufika pa 5.25 mu Ogasiti 2023, bungwe loyang'anira mabanki linachita kulowererapo m'chaka chomwecho, kufunsa mabanki chifukwa chimene osunga ankatsalira. Kumene osunga anayamba kusamutsa ndalama kupita kumene kukulipira bwino, mabanki anakweza, mochedwa koma anakweza.

Chinanso chimene chimaumitsa mtengo wa zosunga ndi kuchuluka kwa ndalama m'mabanki. Banki imene yadzaza kale, yosowa owabwereketsa odalirika, ilibe chifukwa chokopera ndalama zina. Mukafuna kudziwa ngati zili choncho, onani mtengo umene mabanki akubwerekana, pakuti m'mayiko ambiri banki yaikulu imaufalitsa. Ukakhala pafupi ndi denga lija, mabanki ali ndi ludzu la ndalama, ndipo mukapita kukakambirana za fikisidi dipoziti adzakumverani. Ukagona pansi, kutali ndi polise reti, ndalama zasefukira, ndipo kukweza kwa banki yaikulu kumangomveka pa wailesi koma kwa osunga sikufika. Umu ndi mmene kukweza kumafookera panjira m'mayiko ambiri amene misika yawo ya ndalama ndi yaing'ono komanso mabanki ndi ochepa.

Nanga akadzatsitsa? Pa ngongole imene muli nayo kale, ngati mtengo woyambira umawerengedwa poyera, idzatsika pa liwiro lomwelo limene inakwerera, chifukwa chiganizo cha mgwirizano n'chimodzi. Koma yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba ndi tsiku losinthira. Ngongole zina zimasintha mwezi uliwonse, zina pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, moti kutsitsa kukabwera tsikulo litangodutsa mudzadikira nyengo yonseyo. Chachiwiri ndi chiganizo choika malire a pansi, chonena kuti chiwongoladzanja sichidzatsika kupitirira pakuti ngakhale woyambira atatsika bwanji. Chimalembedwa m'kati mwenimweni mwa mgwirizano, ndipo ambiri amachidziwa tsiku limene akudabwa kuti anzawo atsitsiridwa iwo ayi. Ngati woyambira ndi wodziikira banki yokha, yembekezani kuti kutsika kudzachedwa kuposa kukwera, mwinanso kudzakhala koperewera. Banki idzanena kuti ikulipirabe mafikisidi amene inalonjeza pa 13 peresenti mpaka atakhwima, ndipo pa mfundo imeneyo siikunama kwenikweni.

Pa zosunga zinthu zimatembenuka. Kutsitsa kumafika msanga, makamaka pa mafikisidi atsopano, chifukwa banki siyembekezera kukankhidwa kuti ichepetse zimene ikulipira. Fikisidi imene munatsekera kale imakhalabe pa mtengo wake mpaka tsiku lokhwima, ndipo n'chifukwa chake munthu amene akuona kuti kutsitsa kwayandikira amatsekera nthawi yaitali, pamene amene akuona kuti kukweza kukupitirira amatenga yaifupi kuti adzatsekerenso pa mtengo wabwino. Chenjerani ndi fikisidi yodzikonzanso yokha ikakhwima. Imalowa pa mtengo wa tsikulo wolembedwa pa bolodi, umene nthawi zambiri ndi wotsika kuposa umene mukanaupeza mutafunsa. Koma 4 peresenti yanu ili ndi malire otsikira, popeza banki imavutika kupita pansi pa 0. Ku Ulaya mtengo umene banki yaikulu inkalipira mabanki unali pansi pa 0 kuyambira 2014 mpaka 2022, komabe osunga ang'onoang'ono ambiri sanalipiritsidwe chiwongoladzanja pa ndalama zawo zosunga, chifukwa mabanki ankaopa kuti anthu angotenga ndalama zawo n'kukasunga kunyumba.

Zonsezi zikukhudza ngongole yoyenda ndi mtengo woyambira. Mukadzafuna ngongole yatsopano, dziwani kuti chowonjezera chija chimaikidwa mwatsopano. Banki yaikulu kawirikawiri imatsitsa chuma chikafooka, nthawi yomweyo imene mabanki akuopa kuti anthu alephera kubweza. Woyambira angatsike ndi 2 koma chowonjezera n'kukwera kuchoka pa 5 kufika pa 6, kapena banki n'kungofuna chikole chochuluka. Pena kusintha sikuonekera pa mtengo konse koma pa kukanidwa. Ku Kenya, lamulo la 2016 litaletsa mabanki kupitirira 4 pamwamba pa mtengo wa banki yaikulu, mabanki anachepetsa kubwereketsa mabizinesi ang'onoang'ono n'kutembenukira ku boma, ndipo lamulolo linachotsedwa mu 2019.

Ngongole ya chiwongoladzanja chosasintha ya zaka zambiri imatsatanso njira yakeyake. Mtengo wake umadalira zimene msika ukuyembekezera kuti polise reti ndi kukwera mitengo kwa zinthu zidzakhala pa zaka zonsezo, osati za lero zokha. N'chifukwa chake imatha kusuntha banki yaikulu isanalengeze kanthu, kapena kulowera kwina. Mu Seputembala 2024 banki yaikulu ya ku America inatsitsa ndi 0.5, koma m'miyezi yotsatira chiwongoladzanja cha ngongole zatsopano za nyumba za zaka 30 chinakwera, chifukwa kutsitsako msika unali utakuwerengera kale ndipo mtengo wa makalata a boma a zaka 10 unayamba kukwera. Ngongole zing'onozing'ono za mabungwe obwereketsa pa mwezi nazo sizimva kwenikweni, pakuti gawo lalikulu la mtengo wake ndi ntchito yoyendera ndi kutolera, osati mtengo wa ndalama.

Kwa inu ndinganene izi. Pa ngongole, pezani mu mgwirizano dzina la mtengo woyambira, chowonjezera chanu, tsiku losinthira ndi malire a pansi ngati alipo, kenako yesani chiwongoladzanja cha mwezi watha ndi kuwerengera kuja. Ndipo ngati muli ndi ndalama pa 4 peresenti uku mukulipira 20, kusiyana kwa 16 kumeneko n'kwakukulu kuposa 2 amene wakuwawaniyu. Pa 100,000 iliyonse imene ikugona mu akauntiyo mumalandira 4,000 pa chaka, msonkho usanachotsedwe, pamene 100,000 yomweyo ya ngongole ikukudyerani pafupifupi 20,000. Siyani zokwanira za mwadzidzidzi, ndipo zotsalazo mufunse ngati mungazigwiritse ntchito kuchepetsa ngongole. Musanalipire, afunseni ngati pali chindapusa cha kubweza msanga, komanso muwauze polemba kuti ndalamazo zichotsedwe pa ngongole yeniyeniyo, zisasungidwe ngati malipiro a miyezi ya m'tsogolo.